Chitenje cha Lenah pa Intaneti

Lenah amaopa chikepe. Amaopanso boda, njinga zamoto zija zonyamula anthu, amaopa silinda ya gasi imene ili pansi pa sinki, khonde la nyumba yawo limene lili m'mwamba mwenimweni, komanso mwamuna aliyense amene wamulonjera mwaulemu wopitirira muyezo. Anthu a pa nyumba yosanjikizana imene amakhala ku Ruaka, m'mphepete mwa mzinda wa Nairobi, amamudziwa kuti ndi mayi uja wa ku Malawi amene amakwera masitepe ndi mwana kumbuyo, thukuta lili kamukamu, chikepe chili chotsegula chikungomuyang'ana.

Kwawo ndi ku Mponela. Sukulu anailekezera Fomu 3, chaka chimene bambo ake anadwala, kenako anayamba kugulitsa mu shopu ya zitenje ya mayi ake aang'ono. M'shopu momwemo ndi mmene anamupeza Nicholas, mnyamata wokonza makompyuta ku bungwe lina la mpingo, amene ankabwera sabata iliyonse kudzagulira amayi ake chitenje mpaka msika wonse unazindikira kuti palibe mayi wovala zitenje zochuluka chonchi. Anakwatirana, ndipo bungwe lija litamusamutsira Nicholas ku Nairobi, Lenah anatsatira ali woyembekezera, akulira ndege yonse. Chiyamiko anabadwira konko.

Za kosi zinayamba tsiku la sikelo. Pa mzere wa kuchipatala Chiyamiko anayamba kuvuta, ndiye Lenah anawerama, n'kumuponya kumsana, chitenje pamwamba, mfundo pachifuwa, basi nkhani yatha. Atadzuka anapeza mayi wina wachizungu akumuyang'anitsitsa. Lenah anaganiza kuti mwina ku Kenya kuno n'koletsedwa.

Mayiyo dzina lake linali Isabel, wa ku Runda, dera la anthu olemera, ndipo pachifuwa pake panali chikwama choberekera mwana cha m'sitolo, cha malamba ambirimbiri ngati cha msilikali. Anapempha kuti Lenah amasule n'kumanganso pang'onopang'ono. Kenako anafunsa kuti amalipiritsa zingati akamaphunzitsa. Lenah anaseka mpaka anagwira pakamwa. Kwawo kamtsikana ka Sitandade 2 kamabereka mng'ono wake uku kakusewera fulaye.

Lamlungu lotsatira anaifotokoza nkhaniyi ngati nthabwala kwa anti Consolata, mayi wamkulu wa gulu la Amalawi a ku tchalitchi kwawo, amene amagwira ntchito ku bungwe lalikulu la mayiko ndipo sanaonepo chinthu chimene sichingasanduke pulojekiti. Antiwo sanaseke. Madzulo ake anafika ku Ruaka, anavula nsapato, n'kukhala pa sofa ngati abwera kudzaweruza mlandu.

"Iwe Lenah, ukhala ukungopukuta matayilosi mpaka liti? Panga kosi. Jambula mavidiyo, anthu azigula."

"Anti, azigula kumanga chitenje?"

"Anthu akugula kosi ya kapumidwe ka mpweya, mwana wanga. Iwe uli ndi chitenje chomwe."

Nicholas maso anawala. Iye ndi munthu wokonda chinthu chimene ungachitchere kamodzi n'kumagwira ntchito chokha. Anatsegula laputopu n'kuwaonetsa pulatifomu ina, msika waukulu wa makosi pa intaneti. Anati munthu umangoikapo mavidiyo ako, eni msikawo ndi amene amasunga, amalandira malipiro a makadi a kubanki kuchokera dziko lililonse, ndipo ophunzira amabwera okha chifukwa ali kale pamenepo.

"Mayi a Chiya, inu muzigona, kosi izigulitsidwa."

"Auzenso za gawo lawo, usabise," anatero anti Consolata. "Akakupezera wophunzira ndi iwowo, amatenga gawo lalikulu. Mtengo amatsitsa okha akafuna. Wogula akadandaula m'mwezi woyamba amamubwezera zake. Ndipo ophunzirawo si ako, ndi awo. Sakupatsa nambala ngakhale imelo ya munthu. Ine ndikuti gulitsa wekha. Munthu atumize ndalama pa foni, pa M-Pesa, iwe umutumizire mavidiyo pa WhatsApp. Zonse zako, palibe wodula."

"Nanga anthuwo awapeza kuti?" anafunsa Nicholas. "Amene akuwadziwa mu Nairobi muno ndi inu ndi wogulitsa gasi. Komanso vidiyo ikalowa pa WhatsApp yapita, mawa ili m'magulu onse, ulele."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Lenah pa zonsezi anamvapo chinthu chimodzi chokha: akagulitsa yekha, anthu osawadziwa akhala ndi nambala yake, ndipo aliyense wotumiza ndalama aona dzina lake lonse. Anaona kale m'maganizo chibambo china cha mawu okhuthala chikuimba foni, chikufunsa kuti chipata chanu ndi chotani. Pulatifomu inali ngati mpanda. Anthu kunja, iye mkati.

"Ine ndasankha ya bambo a Chiya," anatero. Nicholas anaganiza kuti wapambana ndi mfundo zake. Sanadziwe kuti wapambana ndi mantha.

Kujambula kunatenga miyezi. Lenah sanafune kuonetsa nkhope ya Chiyamiko kwa dziko lonse, ndiye wophunzitsira anali thumba la ufa lovekedwa kachipewa ndi kajuzi. Foni ankaiika pa chidebe chotembenuza chimene anachisanjika pa tebulo. Chingerezi chake cha Fomu 3 chinkathawa foni ikangoyamba kujambula, moti ankayamba walemba mawu onse papepala n'kulimata pakhoma. Ku Ruaka nakonso sikutha kumanga. Akati ayambe, mafundi a pa nyumba yoyandikana nayo ankayamba kudula zitsulo. Iwo akaleka, Chiyamiko ankadzuka.

Vidiyo yoyesera imene anatumiza kwa eni pulatifomu anaikana. Anati chithunzi chili bwino koma mawu akumveka ngati munthu ali m'chitsime. Lenah analira ngati walephera mayeso. Kenako anapachika mabulangete onse a m'nyumba pa makoma, anayala matiresi pansi, Nicholas anabwereka kamaikolofoni kotsina pa kolala, ndipo aphunzitsi anayambiranso, akutuluka thukuta m'chipinda chooneka ngati mwagwa maliro.

Phunziro loyamba ndi limene analikonda kwambiri. Mmenemo sanamange kalikonse. Anangoyang'ana kamera n'kunena kuti mwana asaikidwe kumsana khosi lisanalimbe, kuti mphuno ndi kamwa zizikhala poyera, chibwano chisatsamire pachifuwa, ndiponso kuti munthu ayambe wayeserera ndi thumba kapena chidole, atayandikira bedi. Mawu amenewa anakawawerengera namwino wa kusikelo kuti atsimikize. Kuika mwana kumsana kwenikweniko anakuika kutsogolo ndithu, pa phunziro lachisanu.

Kosi inavomerezedwa. Sabata yoyamba palibe anagula. Yachiwiri anagula munthu mmodzi, ndipo Lenah anavina pabalaza mpaka Nicholas anaulula kuti ndi iye. Kenako msika uja unachita seli, mtengo unatsika mpaka Lenah anachita manyazi m'malo mwa chitenje, ndipo anthu anayamba kulowa. Mayina achilendo, ena osatchulika, ochokera ku mayiko ozizira. Gawo lake linali laling'ono ndipo linayenera kudikira nthawi yake yolipira, koma zimenezo sizinamupweteke. Anthu kunja, iye mkati. Anayamba kuyenda mwamatama pang'ono, mpaka tsiku lina anaima pakhomo pa chikepe n'kuchiganizira.

Ndiye m'mawa wina, akumwetsa Chiyamiko phala, foni inalira. Pa malo a mafunso a ophunzira panali funso. Wolemba dzina lake linali Marit, chithunzi chake chinali cha mphaka. Anati mwana wake ali ndi masabata atatu, waonera phunziro lachisanu, koma akamuika kumsana mutu ukugwera kumbuyo. Kodi amange pati kuti mutu uime?

Supuni inagwa.

Lenah anayankha nthawi yomweyo, Chingerezi chikugwa n'kudzuka. Musamuikenso. Mwana ndi wamng'ono. Onerani phunziro loyamba. Chonde ndiyankheni. Anadikira. Phala linauma pa masaya a Chiyamiko. Analemberanso mu bokosi la mauthenga la pa pulatifomu pomwepo. Zii. Anatumiza chilengezo kwa ophunzira onse. Zii. Anaimbira Nicholas ku ntchito.

"Bambo a Chiya, ndipezereni nambala ya mayi uyu."

"Palibe nambala. Sapereka."

"Inu si munthu wa makompyuta? Lowani mkatimo."

"Mayi a Chiya, ine ndimakonza pulinta."

Analembera eni pulatifomu, n'kufotokoza kuti pali khanda. Yankho linabwera mwachangu, laulemu kwambiri, lothokoza kuti walemba, ndi kumukumbutsa kuti zinsinsi za ophunzira saziulula ndipo njira yolankhulira nawo ndi yomwe wagwiritsa kale ntchitoyo. Sanalakwitse. Lamulo lomweli ndi limene Lenah analikondera tsiku lija la tiyi wozizira. Mpanda uja unali wolimbadi, koma tsopano anali iyeyo wofuna kutuluka.

Masiku amene anatsatira Lenah sanali munthu. Mpunga anaupsereza. Ankatsegula foni ali kubafa, ali pa masitepe, ali pakati pa korona. M'maso mwake munkangobwera kamutu kakang'ono kakugwera chagada, m'nyumba ina yake ya dziko losadziwika, mopanda wina aliyense koma mphaka. Ankadziona ali m'nyuzipepala, atavala chitenje chomwecho. Anafika mpaka pofunsa Nicholas ngati apolisi a kunja amatha kufika ku Ruaka. Koma akachotsa apolisi ndi nyuzipepala, kamutu kaja kankatsalabe.

Anti Consolata anabwera ndi nthochi. Anamupeza atakhala pansi, thumba la ufa lija lili pamiyendo.

"Phunziro loyamba unalinena bwinobwino," anatero antiwo. "Munthu akalumpha yekha, mlandu si wako."

"Anti, inu anakuphunzitsani ndani kubereka mwana kumbuyo?"

"Ndani angakumbuke? Achemwali anga, kapena."

"Ankaima pati?"

Antiwo anaganiza pang'ono. "Kumbuyo. Atagwira mwana."

"Ine ndi mayi aang'ono. Sanandiuzepo kanthu. Ankangoima kumbuyo, dzanja lili pa msana pa mwana, mpaka nditamanga. Akakoka chitenje n'kuona kuti chakhwefuka, khofi. Ine ndajambula zonse, anti, mfundo, phewa, m'khwapa. Munthu wakumbuyo uja ndamuiwala. Sindinkamuona, nanga si anali kumbuyo."

"Ndiye umujambule."

"Sajambulika."

Marit anatulukira patapita sabata ndi masiku, osati pa funso lija koma pa malo operekera ndemanga. Anapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Analemba kuti kosi ndi yabwino, nsalu ndi yokongola, mzamba wake anamuuza tsiku lomwelo kuti adikire kaye ndipo akudikira. Koma mphunzitsi ndi wamantha kwambiri, wamulembera mauthenga khumi ndi anayi, ena ndi zilembo zikuluzikulu.

Lenah anawerenga, anakhala pansi pa khitchini pafupi ndi silinda ya gasi osaiopa n'komwe, n'kulira. Atatha kulira anakwiya ndi nyenyezi zitatuzo. Atatha kukwiya anawerenga mauthenga ake aja mmodzimmodzi, n'kuona kuti mayiyo anamukomera mtima, inali nkhani ya nyenyezi ziwiri.

Madzulo anamudikira Nicholas kuti adye kaye.

"Ndikuichotsa."

"Mwana ali bwino, mwawerenga nokha. Ndipo anthu ayamba kugula tsopano."

"Uyu anafunsa. Nanga amene sakufunsa?"

Nicholas anayesa njira zina. Anati palinso mapulatifomu olipira pamwezi, kumene mtengo umaika wekha, maimelo a ophunzira amakhala ako, ndipo ukhoza kutseka phunziro lachisanu mpaka munthu atamaliza loyamba. Lenah anafunsa ngati makinawo amaona khosi la mwana. Nicholas anati ayi, amangoona kuti vidiyo yatha. Lenah anati vidiyo imatha ngakhale munthu ali kukhitchini.

Anaichotsa pa msika. Amene anagula kale anakhala nayobe, poti ndi mmene malamulo ake alili, ndiye Lenah anawonjezera chenjezo kumayambiriro kwa phunziro lililonse, nkhope yake ili pafupi ndi kamera, maso ali tong'o. Mayina awo anatsala komweko. Anatuluka ndi mavidiyo ake ndi nyenyezi zake zitatu.

Tsopano amagulitsa yekha, chinthu chimene ankachiopa poyamba chija. Anagula simu khadi yachiwiri, ngakhale dzina lake limaonekabe munthu akalipira. Ophunzira amawapeza movutikira: Isabel anamutchula m'gulu la amayi a ku Runda, anti Consolata amamulengeza kwa aliyense woyembekezera ngakhale asanafunse. Mavidiyo a kusankha nsalu ndi kuyeserera ndi thumba amatumiza, ndipo akudziwa kuti amayenda. Ina inamubwerera yekha kuchokera kwa msuweni wake wa ku Lilongwe, ndi mawu akuti taonani mayi uyu akufanana nanu. Koma kuika mwana kumsana kulibenso vidiyo. Kumeneko amaphunzitsa pa foni yoonana, munthu mmodzi nthawi imodzi. Amayamba waona mwana mmene akuimitsira mutu, ndipo sayamba ngati kumbuyo kwa mayiyo kulibe munthu wamkulu.

Nicholas amati imeneyi si kosinso, ndi ganyu. Sakunama. Foni imalira Lenah akuchapa, anthu amasintha nthawi, ena amafuna awatsitsire, wina anamufunsa mankhwala a chimfine. Mwezi wabwino amaphunzitsa anthu owerengeka pa dzanja. Chibambo cha mawu okhuthala chija sichinaimbebe, koma Lenah akuchidikira.

Sabata yatha anali ndi Wairimu, mtsikana wa ku Kahawa amene anamaliza ku yunivesite chaka chatha, mwana wake woyamba ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Foni itatseguka, Lenah anaona mayi, mwana, bedi, khoma.

"Wakumbuyo ali kuti?"

Wairimu anati mwamuna wake amuitana ku ntchito, koma palibe vuto, wayeserera kokwanira. Lenah anati ndiye tidzachita tsiku lina. Wairimu anati walipira kale ndipo tsiku lina alibe. Kukaniza munthu amene walipira ndi chinthu chinanso chimene Lenah amaopa, koma anapukusa mutu. Wairimu anatsonya, anatenga mwana n'kutuluka. Lenah anatsala akuyang'ana khoma la eni ake.

Anabwerera ndi mayi wina wamkulu thupi, wa epuloni, amene amagulitsa masamba pa geti la nyumbayo. Mayiyo anayang'ana foni, anayang'ana Wairimu, n'kufunsa m'Chiswahili chimene ngakhale Lenah anachimva bwinobwino.

"Walipira ndalama chifukwa cha ichi?"

Asanayankhidwe anali atamuweramitsa kale Wairimu, mwana ali pa msana, dzanja lake lalikulu lili pa mwanayo. Lenah anayamba mawu ake a pakhoma aja, koma palibe ankamumvera. Mayiyo ankalamula, Wairimu ankamanga. Anamasulitsa, anamangitsanso, akumunena kuti mabuku onsewa koma manja ngati a nthochi. Lenah anayandikitsa nkhope pa foni, akutsatira nsalu ndi maso.

"Mama, kwezani pang'ono kumapewa."

Mayiyo anamuyang'ana ngati ntchentche yalankhula. Anati iye walera ana asanu ndi zidzukulu. Lenah anati pepani mama, komabe kwezani. Anakangana, wina Chiswahili, wina Chingerezi chothira Chichewa, mpaka mayiyo anakoka nsaluyo n'kuikweza, akung'ung'udza kuti ankati akweze kale. Wairimu anadzuka pang'onopang'ono. Mwana anasuzumira paphewa, anayasamula, n'kutsamira.

Mawa lake Wairimu analemba kuti zikomo kwambiri, koma phunziro lina limene linatsala asavutike nalo, mama wa pa geti wati azimuonetsa yekha madzulo aliwonse akamatseka.

Nicholas atabwera anapeza Lenah akuimba, akuchotsa kajuzi pa thumba la ufa poti ufa wa m'nyumba unali utatha.

"Mwapeza kasitomala wina, mayi a Chiya?"

"Ayi, ndataya amene ndinali naye."

"Ndiye nyimbo ndi ya chiyani?"

"Wandilanda ndi mayi wogulitsa masamba. Amakhala pansi pa nyumba yomweyo, tsiku lililonse." Anathira ufa m'chidebe, n'kukung'untha thumbalo. "Koma mfundo yake, bambo a Chiya, siyofika pa yanga."